Kuchoka pa ukalaliki kufika pa uakauntanti: mmene munthu angadziwire zomwe zikumuperewera

M'maofesi ambiri a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu mumapezeka kalaliki wa za chuma amene wakhala pampando umodzi zaka zisanu kapena kuposera apo. Amafika m'mawa, salakwitsa malisiti, ndipo mabwana amamukhulupirira. Koma mpando wa akauntanti ukakhala wopanda munthu, kampani imaulengeza m'nyuzi n'kulemba munthu wochokera kunja. Kalaliki uja amatsala ndi mafunso, ndipo kawirikawiri yankho limene amadzipatsa ndi lakuti pali kukondera kapena kuti mapepala ake ndi ochepa.

Kukondera kumachitikadi, ndipo mapepala ali ndi malo ake. Komabe nthawi zambiri vuto limakhala lina: munthu amadziwa bwino ntchito imene ali nayo, koma sanakhalepo pansi n'kuiyerekeza ndi ntchito imene akuifuna. Zaka zimene wagwira zimasonyeza kuti ndi kalaliki wabwino. Sizisonyeza kuti angathe kutseka mabuku a mwezi, kuwerengera msonkho kapena kuyankha mafunso a odita, zomwe ndi ntchito za akauntanti. Kusiyana kumeneku kungayezedwe, ndipo kukayezedwa bwino kumaonetsa chomwe munthu ayenera kuchita ndi chomwe sayenera kutayirapo ndalama.

Udindo ndi zinthu zimene munthu amatulutsa

Choyamba ndi kusiya kuyang'ana dzina la udindo. Mawu akuti "akauntanti" amatanthauza zinthu zosiyana malinga ndi malo. Pa kampani yaing'ono yogulitsa katundu, akauntanti amachita pafupifupi zonse, kuyambira malipiro a antchito mpaka malipoti a kumapeto kwa chaka. Ku bungwe loima palokha limene limayendera thandizo la kunja, ntchito yaikulu imakhala kulondoloza bajeti ya pulojekiti iliyonse ndi kulemba malipoti opita kwa opereka thandizo. Ku banki kapena ku kampani yaikulu, munthu angapatsidwe mbali imodzi yokha. Choncho amene akufuna kudziyeza ayenera kusankha kaye mtundu umodzi wa malo, chifukwa kudziyeza ndi maudindo onse nthawi imodzi kumangobweretsa mndandanda wautali wosathandiza.

Akasankha, ayenera kuona udindowo ngati mndandanda wa zinthu zimene mwini mpandowo amapereka kwa ena, pa tsiku lodziwika. Akauntanti wa kampani yogulitsa katundu amayenera kupereka msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, wa PAYE, ku bungwe lotolera misonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Fomu ya msonkho wa VAT imayenera kufika pofika pa 25. Ndalama za penshoni, zomwe mwa lamulo olemba ntchito amasonkha zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro ndipo wantchito amasonkha zosachepera 5, zimayenera kuwerengedwa ndi kutumizidwa mwezi ndi mwezi. Bwana wamkulu amafuna lipoti losonyeza ngati kampani yapindula kapena yaluza. Kamodzi pachaka kumabwera odita ndi mafunso ake.

Munthu akauona udindo mwa njira imeneyi, funso loti "kodi ndine woyenera?", lomwe lilibe yankho lenileni, limasanduka funso loti "mwa zinthu izi, ndi ziti zimene ndinatulutsapo ndekha?" Funso lachiwirili lili ndi yankho, ndipo yankholo lingatsimikizidwe.

Kumene mndandanda weniweni umapezeka

Pali malo atatu opezako zomwe udindo umafuna, ndipo aliwonse ali ndi chofooka chake.

Oyamba ndi zolengeza za ntchito za m'nyuzi ndi pa intaneti. Cholengeza chimodzi sichikwanira, chifukwa olemba ntchito ena amalemba zofuna zambiri zomwe sadzazigwiritsa ntchito. Ndi bwino kusonkhanitsa zolengeza zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za udindo wofanana, kenako kuwerenga zomwe zikubwerezedwa. Chimene chikupezeka m'zolengeza pafupifupi zonse ndiye phata la ntchitoyo. Chimene chatchulidwa kamodzi kokha chingadikire. M'pofunikanso kusiyanitsa zomwe zalembedwa kuti n'zofunikira ndi zomwe zalembedwa kuti n'zongowonjezera mwayi, chifukwa zoyambazo ndi zimene amagwiritsa ntchito posankha oitanidwa ku mafunso.

Malo achiwiri ndi chikalata chofotokoza ntchito chimene ofesi yoona za antchito imasunga. Chikalatachi chimathandiza kwa amene akufuna kukwera pamalo pomwe ali kale, koma nthawi zambiri chimakhala chakale, ndipo chimalembedwa m'mawu okuluwika. Mzere wonena kuti "kuonetsetsa kuti malamulo a msonkho akutsatidwa" sunena chomwe munthu amachita Lolemba m'mawa. Mzere wotere uyenera kumasulidwa n'kukhala ntchito zogwirika: kuwerengera PAYE wa wantchito aliyense, kudula msonkho pa malipiro a ogulitsa katundu ndi ena ogwira ntchito za kampani, kudzaza mafomu pa Msonkho Online, ndi kusunga umboni wa zonse zomwe zalipidwa.

Malo achitatu, omwe amapambana onse, ndi munthu amene ali paudindowo. Funso lothandiza kwa iye si lakuti "kodi pamafunika chiyani kuti munthu akhale akauntanti?", chifukwa adzayankha kuti pamafunika khama ndi sukulu. Mafunso othandiza ndi ofuna zenizeni: zimene amachita kuyambira pa 1 mpaka pa 10 mwezi uliwonse, ntchito imene imamudyera nthawi yambiri, cholakwa chimene chinamuvutitsapo m'chaka chake choyamba, ndi zimene bwana wamkulu amamufunsa akamuitana. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pankhani iyi phulalo ndi kukonzekera ntchito imene munthu akungoiganizira m'malo mwa imene ilipodi.

Malo atatuwa akaphatikizidwa, pamatuluka mndandanda wa ntchito zapakati pa zisanu ndi zitatu ndi khumi ndi ziwiri. Ukapitirira apo, ndiye kuti zazing'ono zasakanikirana ndi zazikulu.

Kudziyeza ndi umboni, osati ndi maganizo

Anthu ambiri akamadziyeza amalemba kuti "ndimadziwa" kapena "ndimadziwa pang'ono". Mawu amenewa amanyenga, chifukwa kudziwa kuli pamilingo yosiyana. Njira yodalirika ndi kupatsa ntchito iliyonse nambala kuyambira 0 mpaka 3. Nambala 0 ikutanthauza kuti munthu sanaionepo ntchitoyo. Nambala 1 ikutanthauza kuti anaiphunzira m'kalasi kapena anaonerera wina akuigwira. Nambala 2 ikutanthauza kuti anaigwirapo koma wina akumuyang'anira ndi kumukonza. Nambala 3 ikutanthauza kuti anaigwira yekha kangapo, ndipo zomwe anatulutsa zinalandiridwa popanda kubwezedwa.

Lamulo lake ndi limodzi: nambala iliyonse yoposa 1 ikhale ndi umboni. Umboni ndi mwezi, ntchito yeniyeni ndi munthu amene anaisainira. Ngati munthu sangathe kutchula nthawi imene anaichita, ndiye kuti ali pa 1, ngakhale anakhoza bwino phunzirolo pamayeso. Apa ndi pomwe ambiri amadabwa. Kalaliki amene wakhala akulowetsa mainvoyisi zaka zambiri amaganiza kuti VAT amaidziwa, chifukwa amaiona tsiku ndi tsiku. Koma kulowetsa invoyisi yokhala ndi VAT n'kosiyana ndi kudziwa msonkho umene kampani ingabwezeredwe ndi umene singabwezeredwe, kapena choyenera kuchita invoyisi ya wogulitsa ikakhala yosakwanira. Kukhala pafupi ndi ntchito si kuigwira.

Chitsanzo chonse: kalaliki wa pa kampani ya zipangizo zomangira

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse mmene izi zimayendera. Mayi wina ndi kalaliki wa za chuma pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe. Wagwira zaka zisanu, ali ndi dipuloma ya za akaunti, ndipo akufuna mpando wa akauntanti. Atasonkhanitsa zolengeza ndi kucheza ndi akauntanti wa pamalopo, walemba ntchito zisanu ndi zinayi.

Pa ntchito zitatu wadzipatsa 3 mosakayika: kulowetsa mainvoyisi mu Sage, kusunga ndalama zazing'ono za mu ofesi, ndi kulondola makasitomala amene ali ndi ngongole. Umboni ulipo wa mwezi uliwonse. Pa kukonza malipiro a antchito wadzipatsa 2, chifukwa anachitapo kawiri akauntanti ali patchuthi, ndipo anakonzedwa pa kawerengedwe ka maola owonjezera. Pa kudzaza fomu ya VAT wadzipatsa 1, pa kulemba lipoti la mwezi 1, pa kukonza bajeti 0, ndipo pa kuyankha odita 1, popeza iye amangotumidwa kukatenga mafayilo. Yachisanu ndi chinayi ndi kugwirizanitsa mabuku a kampani ndi sitetimenti ya ku banki, ndipo apa akukayika pakati pa 1 ndi 2.

Pamene pali kukayika, chothetsa mkangano ndi kudziyesa pa ntchito yeniyeni. Mayiyo wapempha akauntanti kuti amulole kugwirizanitsa mabuku a mwezi umene unatsekedwa kale, osaona yankho. Buku la kampani likusonyeza kuti ku banki kuli K8,450,000, koma sitetimenti ikusonyeza K9,120,000. Pali kusiyana kwa K670,000.

Poyang'ana mzere ndi mzere, wapeza zinthu ziwiri. Kampani inalemba m'buku pa 30 kuti yalipira wogulitsa simenti K900,000, koma ndalamazo zinatuluka ku banki pa 1 mwezi wotsatira chifukwa wosainira wachiwiri anachedwa kuvomereza. Komanso ndalama za malonda a tsiku lomaliza, K180,000, zinalembedwa m'buku koma zinafika ku banki mawa lake. Akachotsa K900,000 pa sitetimenti n'kuwonjezera K180,000, akupeza K8,400,000. Buku likadali pa K8,450,000. Patsala K50,000 imene sakuipeza, ndipo atafufuza ola lathunthu wagonja.

Akauntanti wamuonetsa kuti K50,000 ija ndi ndalama zimene banki inadula ngati chindapusa cha ntchito zake, zomwazika m'mizere ing'onoing'ono ingapo, ndipo sizinalembedwe m'buku. Zikachotsedwa m'buku, mbali zonse zikufanana pa K8,400,000. Mayiyo waphunzira ziwiri. Choyamba, nambala yake yeniyeni ndi 1 yolowera ku 2. Chachiwiri, chimene chikumusowa chadziwika: amadziwa kufufuza zimene zili m'buku koma kulibe ku banki, koma sanazolowere kufufuza mbali inayo, ya zimene banki yachita kampani isanazilembe. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi n'kofunika, chifukwa zochedwa kufika ku banki zimangofotokozedwa, pamene zimene banki yadula ziyenera kulowetsedwa m'buku.

Ola limodzi limenelo lamuuza zambiri kuposa zaka zisanu zongoganizira.

Zoperewera zili m'mitundu itatu

Mndandanda ukatha, zoperewera siziyenera kuikidwa m'thumba limodzi, chifukwa zili m'mitundu itatu ndipo mtundu uliwonse uli ndi mankhwala ake.

Mtundu woyamba ndi wa mapepala. Zolengeza zambiri za udindo wa akauntanti zimafuna digiri ya za akaunti, kapena kuti munthu akhale atafika patali ndi mayeso a ICAM kapena ACCA, ndipo zina zimafuna kuti akhale membala wa ICAM, lomwe ndi bungwe la akatswiri owerengera chuma m'dziko muno. Chosowa cha mtundu uwu chilibe njira yachidule. Ngati zolengeza zonse zikufuna pepala limene munthu alibe, kalata yake sidzafika n'komwe kwa ofunsa mafunso, kaya luso lake likhale lotani. M'boma nkhaniyi ndi yokhwima kwambiri, popeza zolengeza zokwezera anthu zimatchula maphunziro komanso zaka zimene munthu ayenera kukhala atagwira pa giredi yake. Pepala limatenga zaka, choncho liyenera kuyambidwa msanga ndi kuyenda limodzi ndi zina zonse.

Mtundu wachiwiri ndi wa kadziwidwe ka ntchito: njira, lamulo kapena chida chimene munthu sanaphunzire. Kugwiritsa ntchito PivotTable kapena VLOOKUP mu Excel, kudziwa magawo a msonkho wa PAYE a chaka chimenecho, kapena kudziwa kumene lipoti lina limapezeka mu Sage ndi zitsanzo zake. Izi zimatheka m'masabata ochepa, kudzera m'maphunziro aafupi, kuwerenga zimene MRA imasindikiza, kapena kukhala pambali pa wodziwa. Chofunika kukumbukira n'chakuti malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti ya boma, choncho zimene munthu anaphunzira zaka zitatu zapitazo ziyenera kutsimikizidwanso.

Mtundu wachitatu ndi wa kuzolowera, ndipo ndi umene umasiyanitsa kwambiri kalaliki ndi akauntanti. Kalaliki amafunsidwa ngati walemba molondola. Akauntanti amafunsidwa chifukwa chake phindu latsika pamene malonda akwera, kapena ngati kampani ingathe kulipira ogulitsa sabata ino popanda kusowa ndalama za malipiro. Amayeneranso kubweza pempho la ndalama la mkulu wa nthambi ina ngati lilibe mapepala okwanira, ndipo ayenera kutero mwaulemu koma osagwedezeka. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya zimenezi sizimaphunziridwa m'kalasi. Zimaphunziridwa pogwira ntchitoyo pansi pa munthu amene angakonze zolakwa zisanafike patali. Ngakhale mabungwe a mayeso amazindikira zimenezi: ACCA salola munthu kukhala membala chifukwa chokhoza mayeso okha, koma amafunanso miyezi 36 ya ntchito yoyenera yotsimikizidwa ndi womuyang'anira.

Cholakwa chofala kwambiri ndi kupereka mankhwala a mtundu woyamba pa matenda a mtundu wachitatu. Munthu akalephera ku mafunso a ntchito amathamangira kukalembetsa maphunziro ena, n'kulipira fizi ya zaka ziwiri, pamene chimene chinamugwetsa chinali funso lakuti afotokoze mwezi umene anatseka mabuku yekha. Pali chizindikiro chosavuta chosiyanitsira. Ngati munthu amatumiza makalata ambiri koma saitanidwa, vuto lili pa mapepala kapena pa kalembedwe ka mbiri yake ya ntchito. Ngati amaitanidwa koma salembedwa, mapepala ake ndi okwanira, ndipo chosowa chili pa kuzolowera kapena pa kulephera kupereka zitsanzo za zomwe anachita.

Kusankha zoyamba kutseka

Mayi wa ku Limbe uja ali ndi ntchito zisanu ndi imodzi zomwe sizinafike pa 3. Kulimbana nazo zonse nthawi imodzi, kuphatikiza ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi banja, sikungatheke. Posankha, mafunso awiri amathandiza: ndi ntchito iti imene akauntanti watsopano angafunike kuigwira m'mwezi wake woyamba, ndipo ndi iti imene ikalakwika kampani imataya ndalama?

Mafunso amenewa akuika patsogolo kugwirizanitsa mabuku ndi banki, malipiro a antchito pamodzi ndi PAYE, ndi fomu ya VAT. Zonsezi zimachitika mwezi uliwonse, ndipo msonkho ukachedwa kapena ukalakwika pamabwera chilango cha ndalama. Bajeti, ngakhale ali pa 0, ingadikire, chifukwa imakonzedwa kamodzi pachaka ndipo akauntanti saikonza yekha. Apa pakuoneka kuti nambala yotsika kwambiri si imene imayenera kuyambidwa nthawi zonse.

Ndondomeko yake ya miyezi isanu ndi umodzi ingakhale yotere. M'miyezi iwiri yoyamba agwirizanitse yekha akaunti imodzi ya ku banki, akauntanti n'kumaiona asanaisainire. M'mwezi wachitatu ndi wachinayi akonze malipiro pambali, pa pepala lake la Excel, kenako ayerekeze ndi amene akauntanti wakonza, wantchito ndi wantchito, kufikira atamvetsa chifukwa cha kusiyana kulikonse. M'miyezi iwiri yomaliza akonze manambala a fomu ya VAT pofika pa 20, kuti patsale masiku asanu oti akauntanti awaone isanatumizidwe. Njira yogwira pambali imeneyi ndi yabwino chifukwa kampani siikidwa pachiswe, koma wophunzirayo akugwira manambala enieni ndi tsiku lomalizira lenileni. Mayeso a ICAM kapena ACCA apitirire madzulo ndi Loweruka, phunziro limodzi kapena awiri pa nthawi, ndipo ndi nzeru kusankha phunziro la msonkho pa nthawi imene akuphunzira msonkho kuntchito.

Kulankhula ndi bwana

Ndondomeko yotere singayende popanda chilolezo cha woyang'anira, ndipo kapemphedwe kake kali ndi mphamvu. Kalaliki wopita kwa akauntanti n'kunena kuti akufuna kukwezedwa amamuika mnzakeyo pamalo ovuta, makamaka ngati mpando wake ndi womwewo. Pempho lomveka ndi laling'ono, la ntchito imodzi, ndipo likhale lopepukitsa katundu wa wopemphedwayo. Lingamveke motere: "Bwana, kumapeto kwa mwezi mumapanikizika kwambiri. Kodi mungandilole kuti ndiziyamba kugwirizanitsa akaunti ya malonda, inu muzingoiona ndi kusainira?" Pempho lotere n'losavuta kuvomera, chifukwa woyang'anirayo sakutaya ulamuliro uliwonse.

N'kothandizanso kuonetsa woyang'anira mndandanda uja n'kumupempha kuti apereke nambala zake payekha. Pomwe nambala za awiriwo zasiyana ndi pomwe pali nkhani. Ngati kalaliki wadzipatsa 3 pa kulondola ngongole koma bwana wamupatsa 2, pangakhale chifukwa chimene sanauzidwepo, monga chakuti amalondola bwino makasitomala aang'ono koma amaopa kuimbira akuluakulu. Ngati bwana wapereka nambala yokwera kuposa mwini wake, ndiye kuti munthuyo wakhala akudziderera, ndipo mwina akanayamba kale kufunsira udindowo. Kumalo kumene kumachitika kawuniwuni wa ntchito wa pachaka, ndi bwino kuti ndondomekoyi ilembedwe m'menemo, kuti isaiwalike woyang'anira akasintha.

Malire ndi zimene zimalakwika

Pali malire amene wophunzira ayenera kuwalemekeza. M'ofesi ya za chuma ntchito zina zimagawidwa dala kuti munthu mmodzi asakhale ndi mphamvu zonse. Amene amakonza zolipira sayenera kukhalanso wogwirizanitsa akaunti yomweyo popanda wina womuona, chifukwa angabise cholakwa kapena kuba. Choncho woyang'anira akakana pempho pa chifukwa chimenechi, si nkhanza. Njira yake ndi kupempha akaunti ina imene kalalikiyo saigwira, kapena kuyeserera pa miyezi yotsekedwa kale. Malipiro a antchito nawonso ndi chinsinsi, ndipo sayenera kutsegulidwa popanda chilolezo. Umboni wa zimene munthu waphunzira usungidwe m'kope lake ngati tsiku, ntchito ndi amene anaiona, osati potenga mapepala a kampani kupita nawo kunyumba kapena kukawaonetsa ku mafunso a ntchito kwina.

Ngozi ina ndi yosenza ntchito za udindo wapamwamba mpaka kalekale popanda kusintha kwa dzina kapena malipiro. Kugwira ntchito yowonjezera pofuna kuphunzira kuyenera kukhala ndi nthawi yake. Ntchito ikafika pa 3 ndipo yakhala choncho miyezi ingapo, phunziro latha, ndipo nkhani yotsala ndi ya udindo. Ngati munthu wagwirizira mpando wa akauntanti kwa nthawi yaitali, ndi bwino kupempha kalata yosonyeza kuti akugwirizira, chifukwa kalatayo ndi umboni umene olemba ntchito ena amaulandira.

Komanso kutseka zoperewera sikubala mpando. Kampani yaing'ono ili ndi akauntanti mmodzi, ndipo ngati iye sakuchoka, wokonzeka uja ayenera kuyang'ana kunja. Ichi n'chifukwa chake mndandanda uyenera kuchokera ku zolengeza za makampani angapo, osati ku chikalata cha pamalo amodzi. Munthu amene waphunzira kachitidwe ka kampani imodzi kokha, monga kumene mafayilo amakhala ndi zimene bwana wamkulu amakonda, ali ndi luso losanyamulika. Amene wamvetsa chifukwa chake ntchito imagwiridwa motero angaigwire kulikonse, ngakhale atapeza QuickBooks m'malo mwa Sage.

Kudziwa kuti chosowa chatsekeka

Chizindikiro chakuti ntchito yafika pa 3 si kumva mumtima kuti tsopano zikutheka. Zizindikiro zake ndi zooneka: woyang'anira wasainira miyezi itatu yotsatizana osabweza kanthu, nthawi yogwirira ntchitoyo yatsika, ndipo munthuyo angafotokozere kalaliki watsopano chifukwa cha sitepe iliyonse. Chizindikiro china champhamvu ndi pamene wophunzira wayamba kupeza yekha zolakwa, kuphatikizapo za ena, asanauzidwe.

Pakatha miyezi itatu iliyonse mndandanda uonedwenso, nambala zisinthidwe, ndipo ntchito yotsatira ilowe m'malo mwa yomwe yatheka. Zimene zalembedwa m'kope zija ndi zomwenso zimasintha mbiri ya ntchito ya munthu. M'malo molemba kuti "ndimadziwa za msonkho", mayi wa m'chitsanzo chija angalembe kuti anakonza manambala a fomu ya VAT kwa miyezi inayi ndipo zonse zinatumizidwa pa 25 pasanafike. Akafunsidwa za vuto limene anakumana nalo, ali ndi nkhani ya K50,000 ija ndi zimene amachita tsopano kuti isabwerenso.

Sikofunika kudikira kuti ntchito zonse zifike pa 3. Olemba ntchito amayembekezera kuti wokwezedwa adzaphunzira zina ali pampando. Ngati mapepala ofunikira alipo, ntchito za mwezi ndi mwezi zili pa 3, ndipo zotsalazo ndi za kamodzi pachaka monga bajeti ndi odita, nthawi yofunsira udindowo yakwana, ndipo zotsalazo zingatchulidwe poyera pamodzi ndi ndondomeko yoziphunzirira.